Lipoti la komiti ya mjigo likumveka modukaduka, ndilumikize bwanji ziganizo?

Mlembi_wa_Mjigo:
Moni nonse pagulu pano. Ndine mlembi wa komiti ya mjigo kwathu kuno. Loweruka likubwerali ndikuyenera kuwerenga lipoti pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse, kenako pepalalo lipite kwa alangizi a zaumoyo. Ndalemba, koma apampando athu atamva akuti likumveka ngati mwana wa Sitandade 2 akuwerenga pabolodi. Ndime yovutayo ndi iyi:

"Mjigo unawonongeka mu Okutobala. Anthu anayamba kutunga madzi kumtsinje. Ana ambiri anatsegula m'mimba. Komiti inakumana. Komiti inagwirizana zosonkha ndalama. Banja lililonse limayenera kupereka K1,000. Mabanja 9 sanapereke. Msungichuma anaitana mmisiri. Mmisiri anabwera Lachisanu. Anapeza kuti marabala atha. Anapita kuboma. Anagula marabala. Anakonza mjigo. Madzi akutuluka."

Ndikufuna izimveka bwino m'khutu, koma pasasowe mfundo ngakhale imodzi chifukwa nkhani ya ndalama kwathu kuno siichedwa kuyambitsa milandu. Ndithandizeni.

WaKabaza:
Zophweka izi bwana mlembi. Paliponse pamene pali kadontho fufutani mulembepo "ndipo". Nkhani yatha.

Nachisale:
Ndiye awerenge "ndipo" ka 13 osapuma? Adzakomoka asanafike pa marabala.

Mlaliki_wa_Mphakati:
Musamuseke mnyamatayu, pali nzeru pa zomwe wanena. Tsegulani Buku Lopatulika muone mavesi angati akuyamba ndi "Ndipo". Takhala tikuliwerenga m'tchalitchi kuyambira makolo athu, palibe amene anadandaulapo kuti sakumva. Mawu amenewa amachititsa nkhani kuyenda mwaulemu.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Mlaliki, n'zoona kuti Buku Lopatulika lili ndi "Ndipo" wochuluka, koma taonani kuti ambiri mwa iwo ali kumayambiriro kwa vesi, pambuyo pa mpumiro kapena kupuma kwina. Woliwerenga amapuma kaye. Zomwe akunena a WaKabaza n'zochotsa kupuma konse, ndiye n'zosiyana.

Vuto la "ndipo" si kuchuluka kokha ayi. Vuto lake n'lakuti sanena kanthu za ubale wa mfundo ziwirizo. Amangoti "china n'ichi". Mukalemba kuti "mjigo unawonongeka ndipo anthu anayamba kutunga kumtsinje ndipo komiti inakumana", womva sakudziwabe chomwe chinayamba, chomwe chinachititsa chinzake, ndi chomwe chinangochitikira limodzi. Mwachotsa timadontho koma kudukaduka kuli pomwepo.

A Mlembi, musanalumikize chilichonse, tengani pensulo mugawe ziganizo zanu 14 m'magulu. Ine ndikuonapo magulu anayi. Zitatu zoyambirira zikukamba za vuto. Zinayi zotsatira zikukamba za msonkhano ndi ndalama. Zisanu ndi chimodzi zotsatira n'za kukonza. Chomalizacho, cha madzi akutuluka, chikukamba za lero. Muzilumikiza m'kati mwa gulu basi. Pamalire a gulu ndi gulu mpumiro ukhalepo, musaukhudze. Mukatero, mfundo ya matenda siingalowerere mu mfundo ya ndalama.

Tiyambe ndi gulu lachiwiri poti ndiye losavuta. Mawu oti "komiti" mwawalemba kawiri motsatizana, ndipo "ndalama" ndi "K1,000" n'chinthu chimodzi. Kubwerezaku ndiye chizindikiro choti ziganizozo zikufuna kukhala pamodzi. Ine ndingalembe chonchi:

"Komiti itakumana, inagwirizana kuti banja lililonse lisonkhe K1,000."

Ziganizo zitatu zalowa m'chimodzi, palibe chatayika. "Inakumana" wasanduka "itakumana". Ka -ta- kameneka kakunena kuti kukumanako kunayamba, kugwirizanako n'kubwera pambuyo. Onaninso kuti "limayenera kupereka" wasanduka "lisonkhe", chifukwa "kuti" wa chigamulo amafuna mneni wothera ndi e. Ambiri amalumikiza n'kusiya mneni momwe analili, ndiye pamatuluka zoti "inagwirizana kuti banja lililonse limayenera kupereka", zomwe zikumveka ngati komiti inangovomereza lamulo lakale.

Mlembi_wa_Mjigo:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye gulu loyambalo ndayesa motere: "Mjigo utawonongeka mu Okutobala, anthu anayamba kutunga madzi kumtsinje, choncho ana ambiri anatsegula m'mimba." Zili bwino?

Nachisale:
Apo ndiye zayamba kumveka ngati Chichewa cha munthu wamkulu.

Mai_a_kuSikelo:
Kumveka kokha zikumveka, koma ine "choncho" ameneyo ndikumukana. Ndimagwira ntchito za umoyo m'midzi, ndipo malipoti otere amafika m'manja mwathu. Ndime yoyamba ija inangonena zinthu ziwiri: anthu anatunga kumtsinje, ana anatsegula m'mimba. Panalibe pomwe munanena kuti china chinachititsa chinzake. Tsopano mwaika "choncho", ndiye kuti komiti yagamula kuti matendawo anachokera kumtsinje. Munayezetsa madziwo? Ana onse odwalawo ndi a m'mabanja otunga kumtsinje? Okutobala ndi Novembala ana amatsegula m'mimba ndi zambiri: kutentha, ntchentche, mango osatsuka, zakudya zogona. Mwina ndi mtsinjedi, sindikukana. Koma amene ayenera kunena zimenezo ndi amene anafufuza.

WaKabaza:
Aaa mayi, mudzi wonse ukudziwa kuti ndi madzi a kumtsinje. Mpaka kuyezetsa? Tikulemba lipoti la mjigo, si za kukhoti.

Mai_a_kuSikelo:
Achimwene, mudzi ukhoza kudziwa, koma pepala likasainidwa limakhala la komiti. Mawa kholo la mwana wodwala lidzati "mwalemba nokha kuti mwana wanga anadwala chifukwa munachedwa kukonza mjigo". Mudzayankha chiyani?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi a kuSikelo agwira pamene pali nkhani yonse. Ziganizo zifupizifupi zimaima pazokha, sizilonjeza kanthu za zinzake. Mukangoika mlumikizi, mwawonjezera mfundo yatsopano imene munalibe: mwanena ubale. "Chifukwa", "choncho", "motero", "moti" onsewa akunena kuti ichi chinabala icho. "Kenako" ndi -ta- akunena za nthawi, ngakhale -ta- naye amakokera womva kuganiza kuti choyambacho ndiye gwero. Pa "mjigo utawonongeka, anthu anayamba kutunga kumtsinje" palibe vuto, poti a Mlembi akudziwa kuti n'zoona, anthu anapita kumtsinje kaamba ka mjigowo. Pa za anawo, ngati komiti ilibe umboni, ilembe zomwe inaona ndi maso:

"Mjigo utawonongeka mu Okutobala, anthu anayamba kutunga madzi kumtsinje. M'masabata omwewo ana ambiri anatsegula m'mimba."

Mpumiro wabwerera, komabe sizikudukaduka. Mawu oti "m'masabata omwewo" akugwira chiganizo chachiwiri n'kuchimangirira ku choyamba. Kulumikiza sikutanthauza kuchotsa mpumiro nthawi zonse. Nthawi zina mumangoyamba chiganizo chatsopano ndi mawu oloza m'mbuyo, monga "tsiku lomwelo", "pamsonkhanowo", "ndalamazo".

Gogo_wa_Ntcheu:
Ine ndiye ndikusiyana nanu pang'ono aphunzitsi. Ngati komiti ikuopa kunena kuti madzi a kumtsinje adwalitsa ana, anthu adzasonkha bwanji ulendo wina? Lipoti lowerengedwa pabwalo ndi chenjezo. Alembe kuti "komiti ikukhulupirira kuti matendawa anadza chifukwa cha madziwo". Akatero sananame, anena maganizo awo, ndipo anthu amva.

Mai_a_kuSikelo:
Imeneyo ndingailole agogo, bola "ikukhulupirira" asachoke. Koma chikhale chiganizo chakechake, chisalowe m'kati mwa chija cha mjigo.

WaKabaza:
Ine ndikuonabe kuti "choncho" analibe mlandu. Koma pitirizani.

Mjoni_wa_Mzimba:
Abale, vuto limeneli ndi la foni. Inenso ndikamalemba uthenga kumudzi ziganizo zimaduka, china pamwamba china pansi. Ndinapeza kuti ukadina batani lotumizira msanga uthenga umapita theka. Muzilemba kaye zonse kenako mutumize kamodzi.

Nachisale:
A Mjoni, mwawerenga funso koma? Munthu akulemba papepala ndi bolopeni.

Mjoni_wa_Mzimba:
Ooh. Ndiye pitirizani, ine ndingomvetsera. Koma K1,000 pa banja yachepa, marabala masiku ano adula.

WaFomu4:
Ndiyeseko gulu lachitatu, poti ifenso zimenezi zimabwera pa chimangirizo:

"Msungichuma anaitana mmisiri yemwe anabwera Lachisanu n'kupeza kuti marabala atha n'kupita kuboma n'kugula marabala n'kukonza mjigo."

Ziganizo zisanu ndi chimodzi zalowa m'chimodzi. Aphunzitsi, ndapeza malikisi angati?

Mlembi_wa_Mjigo:
Ayi ayi, imeneyo ndiye ingandimangitse! Mmisiri sanapite kuboma. Anapita ndi msungichuma, ndiye amagwira ndalama, ndipo lisiti lili m'dzina lake. Mmisiri anangoona vuto, n'kudzabweranso kudzakonza.

WaFomu4:
Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Mwalemba kuti "Mmisiri anabwera. Anapeza. Anapita. Anagula. Anakonza." Aliyense angaganize kuti ndi munthu mmodzi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwanayu akunena zoona, a Mlembi. Chisokonezocho chinalimo kale m'ndime yanu, kulumikiza kwangochionetsa poyera. Tiyeni tione bwino pamenepa chifukwa ndi pomwe alembi ambiri amagwa.

Chichewa chimatithandiza kwambiri ndi timaphatikizo ta kumayambiriro kwa mneni. Ndikati "unawonongeka", mukudziwa kuti ndi mjigo. Ndikati "inakumana", ndi komiti. "Linapereka", ndi banja. Ndi zinthu zoterezi mukhoza kulumikiza mopanda mantha, osabwereza dzina, womva sasokera. Koma taonani ena onse m'ndime yanu: anthu, ana, mabanja, msungichuma, mmisiri, marabala, madzi, ngakhale amfumu. Onsewa mneni wawo amayamba ndi a-. "Anapita" akhoza kukhala mmisiri, akhoza kukhala msungichuma, akhoza kukhala anthu onse a m'mudzi. Womva akasowa chomuthandiza amangotenga munthu amene watchulidwa pomaliza. Kwa inu womalizayo anali mmisiri, ndiye mwamupatsa ndalama za mudzi osadziwa.

Tsopano n'ku- uja wagwiritsa ntchito WaFomu4. Ndi mlumikizi wabwino zedi, ndipo ndi amene timayankhula tsiku ndi tsiku: "analowa n'kukhala pansi". Koma alibe mwininkhani wakewake, alibenso nthawi yakeyake. Amabwereka zonse kwa mneni wa patsogolo pake. Ndiye mukayamba ndi mmisiri, n'ku- aliyense wotsatira ndi wa mmisiri mpaka mutatchula dzina lina. Wochita akasintha, unyolowo uduke, dzina latsopano litchulidwe. Apa palibe kuchitira mwina.

Ndiye m'gulu limeneli muli ochita awiri osinthana katatu. Ndingalikonze chonchi:

"Msungichuma anaitana mmisiri, yemwe anabwera Lachisanu n'kupeza kuti marabala atha. Msungichumayo anakagula ena kuboma, ndipo marabalawo atafika, mmisiri anakonza mjigo."

Nachisale:
Bwanji osangoti "ndipo atabwera nawo, mmisiri anakonza mjigo"? Ikufupika, komanso "marabala" sabwerezedwa.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi Nachisale, werengani mokweza. "Atabwera nawo, mmisiri anakonza mjigo." Anabwera nawo ndani? Khutu limva kuti mmisiri, chifukwa nthambi ya -ta- ikakhala yopanda dzina imatsamira pa dzina loyandikana nalo kutsogolo. Tabwereranso pa mlandu womwe uja. N'chifukwa chake ndapatsa -ta- dzina lakelake, "marabalawo atafika". Kubwereza dzina kamodzi pofuna kuti ndalama zikhale m'manja oyenera si kulakwa.

Kalaliki_wa_Kale:
Ine chandisangalatsa ndi "anakagula". Ndimati ndinene kuti alembe "anapita kuboma kukagula marabala", koma ndaona kuti sizofanana. "Anapita kukagula" akunena cholinga cha ulendo basi. Munthu akhoza kupita kukagula n'kupeza sitolo yotseka, kapena ndalama n'kuthera panjira, tikudziwana. "Anakagula kuboma" ndiye kuti anapitadi ndipo anaguladi. Ziganizo ziwiri zija, "Anapita kuboma" ndi "Anagula marabala", zalowa m'mneni mmodzi popanda mlumikizi aliyense. Ine m'maofesi momwe ndinagwira tinkakangana kwambiri pa timawu totere polemba mfundo za misonkhano, chifukwa wowerengera ndalama akabwera amafunsa kuti "kukagula, ndiye anagula?"

Mlembi_wa_Mjigo:
Imeneyo ndaitenga. Anaguladi, lisiti ndili nalo.

WaFomu4:
Funso lapambali. Ife kusukulu amatiuza kuti pa chimangirizo tizilemba -da-, monga "udawonongeka", "adapita". Inu nonse mukulemba -na-. Cholondola n'chiti?

Gogo_wa_Ntcheu:
Cholondola ndi -da-. Nkhani ya Okutobala ndi yakale. Ana a masiku ano mwaononga chinenero ndi -na- wanuyo.

Nachisale:
Agogo, inu nomwe pamwambapa mwalemba "anadza". Musatiopseze.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwanawe, pa mayeso tsata zomwe akuphunzitsa aphunzitsi ako. Pa lipoti la kumudzi onse awiri amamveka. Chomwe chikukhudza nkhani yathu n'chakuti usasakanize m'ndime imodzi. Ukalemba "mjigo udawonongeka ndipo anthu anayamba", khutu limapunthwa pamalumikiziro pomwepo. Tibwerere kwa a Mlembi, kwatsala mabanja 9 aja.

Mlembi_wa_Mjigo:
Amenewo ndiye akundisowetsa tulo. Apampando akuti ndilembe chonchi: "Ngakhale mabanja 9 sanapereke, ndalama zinakwana ndipo msungichuma anaitana mmisiri." Akuti zikumveka mwaulemu. Ine mtima ukukana koma sindikudziwa chifukwa chake.

Kalaliki_wa_Kale:
Mtima wanu ukukana chifukwa apampando akufuna kukwirira nkhani. Funsani bwino, mwina mwa mabanja 9 amenewo muli achibale awo. Chilichonse chimene mwachiika pambuyo pa "ngakhale" mwachichepetsa mphamvu. Mwauza anthu kuti "izi zinachitika koma musazitengere kumtima, nkhani yeniyeni ikubwerayi". Womva akafika kumapeto kwa chiganizo amakumbukira zoti ndalama zinakwana, za osaperekawo zapita ndi mphepo. Komanso chiganizo chimenecho chadumpha malire aja ananena aphunzitsi: chatenga mfundo ya gulu la ndalama n'kuimata ku gulu la kukonza.

Nachisale:
Ndiponso "ndalama zinakwana" munalibe m'ndime yoyamba. Zinakwanadi, kapena wina anawonjezera za m'thumba mwake?

Mlembi_wa_Mjigo:
Tinatapa m'thumba la komiti, la ndalama zomwe anthu amapereka mwezi ndi mwezi.

Nachisale:
Mwaona? Ndiye "ngakhale" ameneyo akanabisa zinthu ziwiri.

WaKabaza:
Kwathu osapereka timangowaletsa kutunga. Mjigo timakhoma ndi loko, kiyi amasunga mayi wina wolimba mtima. Sabata imodzi yokha onse amapereka.

Mai_a_kuSikelo:
Ndiye mukawaletsa amapita kuti? Kumtsinje komwe kuja. Ana awo akadwala amasewera ndi ana anu omwe. Nkhani ya loko muziiganizira kawiri.

Gogo_wa_Ntcheu:
Komanso muone kuti osaperekawo ndi ndani. Ena ndi nkhalamba ngati ine, ena ndi amasiye. Komiti yanzeru imakhala ndi mndandanda wa okhululukidwa. Si onse osapereka amene ali amwano.

Mjoni_wa_Mzimba:
Ife a kunja kuno ndiye timatumiza ndalama za mjigo koma lipoti sitilionapo. A Mlembi mukalemba mujambule mutumizire ana a mudzi wanu amene ali kutali, adzasonkha mosavuta.

Mphunzitsi_Wopuma:
Za loko tisiyire amfumu. Pa kalembedwe, njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ikunena zosiyana. Ya "ngakhale" mwaiona kale, ikuchepetsa. Yachiwiri ndi ya "koma": "Komiti itakumana, inagwirizana kuti banja lililonse lisonkhe K1,000, koma mabanja 9 sanapereke." Apa mfundoyo yakhala kumapeto, pamalo pomwe mawu amatsikira, ndiye imveka ndithu. Ikumvekanso ngati kudandaula pang'ono, poti "koma" akuika osaperekawo moyang'anizana ndi chigamulo cha komiti. Yachitatu ndi kungochisiya chokha momwe munalembera: "Mabanja 9 sanapereke." Poyamba chiganizo chimenechi sichinkaoneka chifukwa zonse 14 zinali zazifupi mofanana. Tsopano poti zoyandikana nazo zatalika, chachifupichi chidzamveka kwambiri kuposa zonse. Pabwalo padzakhala kachetechete mukachiwerenga.

Ine ndikanasankha yachitatu n'kutsatiza za thumba la komiti m'chiganizo china. Koma mudzi ndi wanu, mukudziwa nokha kutentha kwake.

Gogo_wa_Ntcheu:
Ine ya "koma". Yachitatuyo ikumveka ngati mukuwaloza chala pamaso pa amfumu.

Kalaliki_wa_Kale:
Agogo, "koma" ndiye woloza chala. Chiganizo choima chokha sichiweruza munthu, chikungopereka nambala.

Gogo_wa_Ntcheu:
Papepala mwina. Pakamwa, munthu akaima n'kunena mawu atatu okha n'kupuma, aliyense amatembenuka kuyang'ana mnzake.

Wa_paWailesi:
Ndalowa mochedwa, koma ndiikepo za khutu poti lipotili likawerengedwa mokweza. Ine ndimawerenga zilengezo pa wailesi ya m'dera, ndipo zolemba zomwe zimativuta kwambiri si zodukaduka ayi, ndi zolumikizidwa mopitirira muyeso. Munthu amalemba chilengezo cha maliro chonse m'chiganizo chimodzi, "amene" atatu, "pomwe" awiri, ukafika kumapeto sukudziwa kuti womwalira ndi uti, wolengeza ndi uti.

A Mlembi, yesani izi. Imirirani, muwerenge mokweza ngati muli pabwalo. Pomwe mpweya wakutherani musanafike pa mpumiro, chiganizocho chanyamula zambiri, chiduleni. Kenako muwerengere munthu amene sanali nawo pa nkhaniyi, mwana wa sukulu ngakhale, mumufunse mafunso afupiafupi: anapita kuboma ndani? Ndalama anasunga ndani? Osapereka ndi angati? Akalakwa yankho, musamudzudzule, pitani pa chiganizo chomwe chamusokeretsa.

Chinanso, chenjerani ndi "amene" kapena "yemwe" akatalikirana ndi dzina lake. Mu chiganizo cha aphunzitsi, "mmisiri, yemwe anabwera" zili bwino poti akugundana. Koma mukawonjezera ulemu n'kulemba "anaitana mmisiri wa kwa agulupu amene anabwera Lachisanu", anthu ena amva kuti anabwera ndi agulupu.

Mlaliki_wa_Mphakati:
Zimenezi zinatichitikira ndi "pamene". Mlembi wa mpingo wathu analemba kuti "amayi anaphika pamene abambo anaumba njerwa". Ena anamva kuti ntchito zinagawidwa, awa kuphika awa kuumba. Ena anamva kuti amayi anaphika pa nthawi youmba njerwa yokha, masiku ena onse a chitukuko sanaphike. Amayi a chigwirizano anakwiya nazo. Kodi pamenepo akanalemba bwanji?

Mphunzitsi_Wopuma:
"Pamene" ali ndi ntchito ziwiri, ya nthawi ndi yosiyanitsa, ndiye pomwe zonse ziwiri zingatheke musamugwiritse ntchito. Ngati ndi nthawi: "Abambo akuumba njerwa, amayi ankaphika." Ngati ndi kugawana ntchito: "Abambo anaumba njerwa, amayi ndiwo anaphika."

WaFomu4:
Ndiye n'ku- ndimuike kangati m'chiganizo chimodzi? Wanga uja anali ndi anayi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Lamulo la nambala palibe. Pokamba nthano anayi amatheka, amathamangitsa nkhani, ndipo ngati ukufuna kuonetsa kuti zinthu zinachitika mwaphuma ndi abwino. Koma zonse zomwe wazimanga ndi n'ku- zimamveka zolemera mofanana, ngati masitepe a ntchito imodzi. Mu lipoti, kupeza vuto, kugula ndi kukonza ndi mfundo zitatu zomwe munthu angafunsepo mafunso atatu osiyana. Ine ndikafika pa wachiwiri ndimaima n'kudzifunsa ngati chotsatiracho sichikuyenera chiganizo chakechake.

Wa_paWailesi:
Ndipo mu nthano mawu amakwera n'kutsika, wokamba amathandiza ndi manja. Papepala zonsezo palibe.

Mlembi_wa_Mjigo:
Nayi momwe yakhalira tsopano. Muione komaliza:

"Mjigo utawonongeka mu Okutobala, anthu anayamba kutunga madzi kumtsinje. M'masabata omwewo ana ambiri anatsegula m'mimba, ndipo komiti ikukhulupirira kuti gwero lake linali madziwo. Komiti itakumana, inagwirizana kuti banja lililonse lisonkhe K1,000. Mabanja 9 sanapereke. Ndalama zoperewerazo tinatapa m'thumba la komiti. Msungichuma anaitana mmisiri, yemwe anabwera Lachisanu n'kupeza kuti marabala atha. Msungichumayo anakagula ena kuboma, ndipo marabalawo atafika, mmisiri anakonza mjigo. Pano madzi akutuluka."

Kuchoka pa 14 zatsala 8, ndipo mwalowa mfundo ziwiri zomwe poyamba munalibe.

Mai_a_kuSikelo:
Ndinapempha kuti za "ikukhulupirira" zikhale pazokha, koma mwazimata ndi "ndipo". Komabe poti mwazimata ku chiganizo cha matenda osati cha mjigo, ndizilola. Mukadziwa nambala ya ana odwalawo muiike m'malo mwa "ambiri", ife imatithandiza.

Kalaliki_wa_Kale:
Zili bwino, koma "tinatapa" walowa bwanji? Ndime yonse ikuti "komiti inachita", mwadzidzidzi "ife". Sankhani chimodzi. Ndingalembe kuti "Komiti inatapa zoperewerazo m'thumba lake", ndipo mutchule kuti zinali zingati. Mabanja 9 pa K1,000 ndi K9,000, koma anthu adzafuna kumva ngati munatapa yomweyo kapena yoposa.

Nachisale:
"M'thumba lake" pabwalo anthu aseka, amva ngati thumba la malaya a munthu. Muti "m'thumba la ndalama za mwezi ndi mwezi". Komanso "komiti" wabwera kawiri moyandikana, "komiti ikukhulupirira" kenako "Komiti itakumana". Wachiwiriyo akhoza kukhala "Pamsonkhano wake inagwirizana kuti", poti i- ameneyo palibe wina angamulande.

Mphunzitsi_Wopuma:
Akhoza, mayi Nachisale, koma pamenepo ndi pamalire a magulu, pomwe nkhani ikuchoka pa matenda kupita pa ndalama. Ine ndingasiye dzina lonse kuti womva adziwe kuti tayamba mfundo ina. Kapena a Mlembi ayambe ndime yatsopano pomwepo.

Gogo_wa_Ntcheu:
Ndaona kuti mwasankha yoloza chala ija. Chabwino. Koma muwauze apampando lisanafike Loweruka, asadzaimvere pabwalo.

Mlembi_wa_Mjigo:
Ndipita kwawo mawa madzulo. Tinatapa K12,500 chifukwa panalinso ya thiransipoti ya msungichuma, ndiye ndiyenera kuwonjezera chiganizo china cha zimenezo. Chikhale pambuyo pa mabanja 9 aja, kapena pambuyo pa ulendo wa kuboma?

Kalaliki_wa_Kale:
Pambuyo pa ulendo wa kuboma. Mukachiika pafupi ndi mabanja 9, anthu amva ngati K12,500 yonseyo ndi ngongole ya osaperekawo, pomwe yawo ndi K9,000 yokha. Pa mabanjawo mutchule K9,000, K3,500 ya thiransipoti idikire mpaka msungichuma atakwera galimoto.